Engo ya 40 yandidyetsa ziro pa fizikisi, ndithandizeni kupeza kiritiko engo

KamtsikanaKaNchalo
Abale a folomu 4 ndi aphunzitsi amene muli muno ndithandizeni mutu waima. Tinalemba kamayeso ka fizikisi Lachitatu, funso lake linali la chithunzi. Ajambula buloko ya galasi ija ya makona anayi yooneka ngati njerwa, cheza chikuchokera mumpweya kudzagunda pamwamba pa buloko pa malo P. Pakati pa cheza ndi pamwamba pa galasipo alemba 40°. Mkati mwa galasi chezacho chapindika, ndipo pakati pa icho ndi kamzere kodukizadukiza kaja alemba 30°. Kenako chapita kukagunda khoma la m'mbali chakumanja pa malo Q nkuthera pompo. Akuti peza indekisi ya galasi, peza kiritiko engo, ndiye ujambule chimene chezacho chichite pa Q. Ine ndinapeza 1.29 ndi 51°, pa Q ndinajambula chikutuluka. Pepala labwera lero lonse ndi mitanda yokhayokha, angolemba kuti yang'ananso chithunzi. Ndayang'ana mpaka maso kuwawa sindikuona chimene ndalakwitsa.

Fizo_Dyeratu
Sisi usadandaule wakhoza iwe. Ndamenya pa kakyuleta pompano, sin 40 kugawa ndi sin 30 ikupereka 1.29, kiritiko engo 51. Aphunzitsi ena amachonga ali ndi tulo ndi kutentha kuno. Upite ukawauze akubwezere malikisi ako.

Mbuya_Makhanga
Galasi lake liti, la pawindo kapena la m'maso? Ngati lasweka pa kona palibenso chochita amwene

Fizo_Dyeratu
kkkkk mbuya ndi sukulu iyi, palibe chasweka

MadalaAChoko
Mwanawe usapite kukakangana ndi aphunzitsi ako, akhoza ndi iwowo. Fizo, mphwanga, kakyuleta yako ili bwinobwino koma waidyetsa nambala yolakwika.

Ndinaphunzitsa zimenezi zaka zambiri kuno ku Ngabu ndisanapume, ndipo msampha wa 40 ameneyu ndinkautchera ndekha chaka chilichonse, ana nkumakodwa ngati mbewa. Engo iliyonse pa nkhani ya kuwala timayeza kuchokera pa kamzere kodukizadukiza kaja, nomo, kamene kaimirira chilili pa galasi. Osati kuchokera pa galasi penipenipo ayi. Wolemba funso wakupatsa 30 woyezedwa bwino kuchokera pa nomo kuti ugone tulo, koma 40 wamuika mbali inayo, pakati pa cheza ndi galasi. Kuchokera pa galasi kufika pa nomo ndi 90, ndiye engo imene ukufuna ndi 90 kuchotsa 40, kutsala 50. Yambiranso ndi 50 ubwere utiuze. Za pa Q tikambirana ukamaliza izi, chifukwa pamenepo pali msampha wachiwiri.

Fizo_Dyeratu
Koma madala funso likapereka nambala sungoigwiritsa ntchito? Akanafuna 50 bwenzi atalemba 50

MadalaAChoko
Akanalemba 50 bwenzi lili funso la masamu. Akufuna aone ngati umadziwa kuwerenga chithunzi. Ndiponso Fizo, yankho lako lomwelo likanakuchenjeza. Indekisi ya madzi ndi 1.33, ya galasi wamba imakhala chamu 1.5. Iwe wapeza galasi la 1.29, kutanthauza kuti likupinda kuwala mochepera madzi a mumtsuko. Galasi lotero sunaligwirepo. Ukapeza nambala yochepera 1.33 pa galasi, kapena kiritiko engo yopitirira ya madzi imene ili pafupifupi 49, imani kaye osathamangira funso lotsatira.

KamtsikanaKaNchalo
Eee ndaona tsopano. Koma ndayesa ndi 50 kakyuleta ikundilembera `Math ERROR`. Ndapanga sin 30 kugawa sin 50 yabwera 0.65, ndiye 1 kugawa 0.65 yabwera 1.53, ndikadina `SHIFT` `sin` ikukana. Kapena kakyuleta yanga ndi ya pa msika yomweyi?

Mjiniya_Mawa
Kakyuleta siinalakwe, watembenuza. Engo ya mumpweya ndi imene imakhala pamwamba. Panga chonchi

```
n = sin 50 / sin 30 = 0.766 / 0.5 = 1.53
sin c = 1 / 1.53 = 0.653
c = 40.8°
```

Ikukana chifukwa palibe engo imene sayini yake imaposa 1. Choseketsa nchakuti 0.65 wapeza poyambayo ndi sayini ya kiritiko engo kale, ukanangodina `SHIFT` `sin` pamenepo ukanafika pa 41 mwangozi. Komanso uone pamwamba pa sikirini pakhale ka `D`, pakakhala `R` sin 50 imakupatsa nambala ya mayinasi, ine zinandionekerapo m'mayeso thukuta kamukamu.

KamtsikanaKaNchalo
Zatheka achimwene, 41. Koma chilungamo ka fomula ka 1 pa n kameneka ndinangoloweza, sindidziwa kumene kamachokera

MadalaAChoko
Ndi bwino wanena, ambiri amangobisa. Tenga pensulo ujambule pamene ndikulongosola, usangowerenga.

Chithunzi chako chomwecho uchitembenuze m'maganizo, cheza chiziyenda chobwerera. Kuwala kumatsata njira yomweyo popita ndi pobwera. Ndiye cheza chochokera mkati mwa galasi pa 30 chikafika pa P chituluka mumpweya pa 50, chathawa nomo, chapendekera ku galasi. Tsopano mkatimo onjezera, uike 35. Kunja chituluka chamu 61. Uike 40, kunja chafika chamu 80, chikungotsala pang'ono kugona pa galasi. Ukuona kuti ya kunja ikuthamanga kuposa ya mkati, ndiye ifika pa 90 ya mkati ikadali pa 41. Pamenepo cheza chotuluka chagona pamwamba pa galasi, chikukwawa, palibenso malo oti chipendekere. Engo ya mkati imene yachititsa zimenezo ndiye kiritiko engo. Mu lamulo la Snell lomwe lija ukaika 90 pa engo ya mumpweya, sin 90 ndi 1, nchifukwa chake pamwamba pamatsala 1. Palibe fomula yachilendo, ndi yomweyo wagwiritsa ntchito pa funso loyamba.

Ukapitirira 41 ngakhale pang'ono, kuwala konse kumabwerera mkati mwa galasi ngati kwagunda kalilole, ndipo engo yobwererayo imafanana ndi yofikira. Pa chithunzi cha mayeso chizindikiro chake nchimenecho, ukaona cheza chajambulidwa chikutsata m'mphepete mwa galasi, engo ya mkati ndi kiritiko engo, sufunikanso kakyuleta, bola uone ngati aiyeza kuchokera pa nomo kapena akutchera ngati 40 uja.

KabazaWaBangula
Ine sukulu ndinasiyira folomu 2 koma ndikutsatira. Funso langa ndi la ka rifulekita kofiira kakumbuyo kwa njinga. Kanga kanasweka nditagwa pa mchenga, nditakayang'ana kumbuyo kwake mulibe siliva ngati wa kalilole, ndi pulasitiki yokhayokha ya timano timano. Ndiye kamawala bwanji galimoto ikaunika usiku? Kapena ndi zomwezi mukukambazi

Mjiniya_Mawa
Ndi zomwezo akulu. Timano timeneto ndi timakona todulidwa moti kuwala kukalowa kutsogolo kumakagunda kumbuyo pa engo yoposa kiritiko engo ya pulasitikiyo, imene ili pafupi ndi ya galasi, chamu 42. Kumbuyoko kuli mpweya, ndiye kuwala kumalephera kutuluka, kumagundagunda pa makoma a kakonako nkubwerera komwe kwachokera, kwa dalaivala. Nchifukwa chake amakatseka kumbuyo kuti mpweya ukhalemo wouma. Kakang'aluka nkulowa madzi kapena matope kamazilala.

KabazaWaBangula
Ohoo nchifukwa chake kanga kanasiya kuwala nthawi ya madzi osefukira ija. Ine kumati kakalamba

Fizo_Dyeratu
Chabwino 41 ndavomera, ndinathamanga. Koma pa Q mtsikanayu anakhoza, musamulande. Cheza mkati mwa galasi chikuyenda pa 30, ndipo 30 ndi yochepa kwa 41, ndiye chituluka. Pamenepa nde sindisuntha

AuntieWaThabwa
Fizo usuntha pompano kkkk. Ine ndimaphunzitsa folomu 3 ndipo apa ndi pamene ana anga amagwera onse, ngakhale anzeru amene. 30 ameneyo ndi wa pa P, wayezedwa kuchokera pa nomo ya pamwamba imene yaimirira. Q ali pa khoma la m'mbali. Khoma limenelo ndi loimirira, ndiye nomo yake ndi yogona. Nomo siyenda ndi cheza ngati katundu, khoma lililonse lili ndi yake, ukafika pa khoma latsopano uyambe wajambula nomo yatsopano usanaganize chilichonse.

Jambula nomo yogonayo pa Q uitalikitse mpaka ikakumane ndi nomo ya pa P imene ikutsika. Zikumana pa 90. Waona thirayango yatuluka? Pa P pali 30, pokumanira pali 90, ndiye pa Q patsala 60. Cheza chikugunda Q pa 60, ndipo 60 yaposa 41. Sichituluka. Chibwerera mkati pa 60 mbali ina ya nomo, kulowera pansi pa buloko. Mwana wanga pojambula uike muvi pa chezacho, ulembe 60 mbali zonse ziwiri za nomo, ndipo kunja kwa Q usajambuleko kalikonse ngakhale kamzere kofooka, wochonga akakaona amati sukudziwa chimene wasankha.

Fizo_Dyeratu
Mmmm

KamtsikanaKaNchalo
Anti zikomo, ndajambula ndaiona thirayango. Ndiye ndinalakwitsa kawiri. Chikafika pansi pa buloko chibwereranso?

AuntieWaThabwa
Jambula nomo ya pansipo uone wekha. Yaimirira ngati ya pamwamba, ndiye engo ibwerera pa 30. Pamenepo mawu a Fizo aja akugwira ntchito, 30 ndi yochepa kwa 41, chituluka mumpweya pa 50 ngati mmene chinalowera. Unali ndi yankho labwino Fizo koma unaliika pa khoma lolakwika.

Mbuya_Makhanga
Tsopano ndamva kuti mukukamba za kupindika kwa kuwala. Izi ife asodzi tinazidziwa kale popanda kakyuleta. Phondo likalowa m'madzi limaoneka lothyoka, ndipo nsomba ukaiona pamalo osaya madzi atadeka, siili pamene ukuionapo, ili pansi kuposa pamenepo. Amene amalasa amalunjika pansi pake. Kungoti madzi a Shire masiku ano ndi phala, ungaone chani

MadalaAChoko
Mbuya mwalasa. Ndipo nsombayo ikayang'ana kumwamba imaona dziko lonse la kunja, inu ndi bwato lanu ndi mabango, zitapanikizana mu bwalo limodzi pamwamba pake. Kunja kwa bwalolo pamwamba pa madzi pamakhala ngati kalilole woonetsa pansi. Malire a bwalolo ndi 49 ija ya madzi.

Nkhutukumve265
Pepani ndilowerere. Madzi abodza aja timawaona pa tala masana pakati pa Nchalo ndi Ngabu mwezi wa Okutobala, umati ukayandikira nkuthawa, aphunzitsi athu anati ndi toto inteno rifulekishoni yomweyi. Ndiye galasi lake lili kuti pamenepo, nomo tijambula pati?

Mjiniya_Mawa
Anakunamizani pang'ono. Pamenepo palibe malire enieni ngati a galasi ndi mpweya. Mpweya wa pa tala ndi wotentha kwambiri, indekisi yake ndi yocheperako, ukamakwera ukuzizira pang'onopang'ono. Kuwala kochokera kumwamba kumapindika pang'onopang'ono mpaka kukhota nkukwera kubwera m'maso mwako, ndiye ukuona thambo pa msewu nkumati madzi. Ndi rifulakishoni basi

AuntieWaThabwa
Iwe Mjiniya usasokoneze ana, mabuku ambiri a sekondale amalongosola kuti mpweya uli m'magawo magawo ndipo pa gawo lomaliza kuwala kumapitirira kiritiko engo nkubwerera. Mwana akalemba zimenezo sindingamuchotsere malikisi

Mjiniya_Mawa
Malikisi apeza anti, koma magawowo ndi ojambula m'buku, mumpweya mulibe. Ndionetseni pamene pali mzere wa gawo lomalizalo ndikaikepo pulotulakita

AuntieWaThabwa
Upite ukagone pa tala 12 koloko ukaufune, ife tikudikira kkkk

MadalaAChoko
Awiri inu mkangano umenewo ndinaupeza ndipo ndiusiya. Ndibwerere kwa mwanayu, chifukwa pali kanthu kamodzi ndikufuna atenge, kamene kamathandiza tsiku limene batire la kakyuleta lafa kapena funso likati upeze pojambula.

Jambula chithunzi chija bwinobwino ndi pulotulakita, 50 kunja, 30 mkati, pensulo yosongoka. Ika nsonga ya kampasi pa P uzungulize bwalo la 5 cm. Bwalolo lidula cheza cha kunja pamalo amodzi, cha mkati pamalo amodzi. Tenga lula uyeze kuchokera pamalo odukawo kufika pa nomo, mopingasa, njira yachidule. Kunja upeza chamu 3.8 cm, mkati 2.5 cm. Gawa 3.8 ndi 2.5, yabwera 1.52, indekisi imeneyo, sunakhudze batani la sayini. Zikutheka chifukwa mathirayango awiriwo mbali yawo yaitali ndi imodzimodzi, 5 cm, ndiye timizere tiwirito tikuimira masayini.

Tsopano kiritiko engo. Cheza chikagona pa galasi, mtunda wake kuchokera pa nomo ndi 5 cm yonse. Wa mkati ukhala 5 kugawa 1.52, chamu 3.3 cm. Yeza 3.3 cm kuchokera pa P motsata pamwamba pa galasi, tsitsa mzere woongoka kulowa m'galasi mpaka ugunde bwalo, lumikiza pamenepo ndi P. Engo ya pakati pa mzere umenewo ndi nomo uyeze ndi pulotulakita, upeza 41. Ukapeza 40 kapena 42 usadandaule ndi pensulo, koma ukapeza 49 dziwa kuti wayezanso kuchokera pa galasi. Bwalo likachepa kwambiri, ngati la 2 cm, kunenepa kwa pensulo kokha kumakusocheretsa ndi madigiri angapo.

KamtsikanaKaNchalo
Agogo ndapeza 42, kampasi yanga ndi yogwedera ndamanga ndi ulusi. Koma ndasangalala bwanji

Fizo_Dyeratu
Ndabweranso. Ndakhala ndikuganiza za Q uja. Ngati vuto ndi 60, bwanji tingosintha cheza cholowa pa P chipendekere kwambiri, kuti pa Q engo itsike ifike pansi pa 41 chituluke? Payenera kukhala engo ina yake imene chimatulukira m'mbali

MadalaAChoko
Funso limeneli ndi labwino kuposa mayankho ako onse a lero mphwanga. Yesa wekha. Kuti pa Q pakhale pochepera 41, pa P mkati payenera kupitirira 49, chifukwa ziwirizo ziphatikizana kupanga 90. Koma cheza cholowa kuchokera mumpweya, ngakhale uchigoneke chotani mpaka chikwawe pa galasi, mkati sichingapitirire 41. Ndiye pa Q chochepetsetsa ndi 49, ndipo 49 yaposabe 41. Pa buloko ya galasi ya makona anayi, kuwala kolowera pamwamba sikungatulukire khoma la m'mbali, olo utayesa usiku wonse. Ndipo pa khoma la pansi sikungakanike kutuluka. Mwana amene wagwira zimenezi amadziwa yankho la gawo lachitatu asanawerengere.

Pa madzi nkhani ndi ina, kiritiko engo 49, ndiye 90 kuchotsa 49 ndi 41, yochepera 49, cheza chogona kwambiri chikhoza kutulukira m'mbali.

AuntieWaThabwa
Nchifukwa chake poyeza kiritiko engo mu labu pamafunika buloko ija ya theka la bwalo. Umaunika kudzera mbali yokhotayo kulunjika pakati penipeni pa mbali yoongoka, cheza chimalowa osapindika chifukwa chikutsata nomo, ndiye umazunguliza mpaka chotuluka chija chizimiririke. Ife pasukulu pathu buloko yotero inalipo imodzi, inasowa, pano ndimangojambula pa bolodi ana nkumandikhulupirira ngati m'busa. Chimene ndimapanga ndi kubweretsa tambula yagalasi yodzaza madzi. Mwana aigwire m'manja ayang'ane kuchokera pamwamba, khoma la tambula limaoneka ngati siliva, zala zake sazionanso ngakhale zili pomwepo. Akafinya mwamphamvu, makamaka chala chikakhala chonyowa pang'ono, timizere ta chala timatulukira pa siliva paja chifukwa pamene khungu lakhudza galasi mpweya wachoka. Ana amakuwa ngati aona matsenga.

Nkhutukumve265
Ndayesa pompano ndi tambula ya mayi, zoonadi zala zasowa. Koma tambula ikhale youma kunja, yoyamba inali yonyowa ndimangoona dzanja lonse

Fizo_Dyeratu
Nde ngati khoma la Q lija litanyowa ndi madzi chituluka?

Mjiniya_Mawa
Pamenepo 1 uja amachoka, umaika 1.33 pamwamba. `sin c = 1.33 / 1.53` ikupereka chamu 60 ndi kakusiyana pang'ono. Cheza chathu chili pa 60 ndendende, ndiye chili pa malire penipeni, ine ndikuti chilowa m'madzimo mokwawa

MadalaAChoko
Ine pamenepo sindingabetche ngakhale nsomba imodzi ya mbuya. Manambala tawadula kwambiri, 30 uja akakhala 29 ndi theka yankho lasintha.

KamtsikanaKaNchalo
Abale za kunyowazo ndisiyireni kaye ndingabalalikenso. Ndalembanso funso lonse pa pepala lina, 1.53, 41, pa Q 60 kubwerera mkati, mawa ndikawaonetsa aphunzitsi. Kafunso kamodzi, pa kiritiko engo penipeni cheza chobwerera mkati timachijambula kapena chokwawa chokha? Mnzanga akuti chokwawa chokha

AuntieWaThabwa
Jambula zonse ziwiri, chobwerera chimakhalapo ngakhale engo isanafike pa 41, kungoti chimayamba chofooka nkumanka chikuwala ukamayandikira. Koma chokwawacho ndi chimene wochonga akufuna aone, ulembepo 90 wake

Mbuya_Makhanga
Takhuta aphunzitsi. A Choko nsomba yanu mubwere mudzatenge nokha, ine Ngabu ndi kutali